Thandizeni masamu a mafuta: 7.5 L/100km pa ulendo wa makilomita 420

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi ulendo wa makilomita 420 kupita, kubwerera chimodzimodzi. Tikhala anthu asanu ndi zikwama, ndipo tagwirizana kusonkherana za mafuta. Galimoto ndi ya petulo, thanki yake ya malita 50, pa dashibodi ikulemba AVG 7.5 L/100km. Ndiwauze kuti tikufunika malita angati? Sindikufuna kudzapemphanso ndalama panjira.

Mnyamata wa Changu: Zophweka izo bwana. Kupita ndi kubwera ndi 840, mugawe ndi 7.5, mupeza malita 112.

Dalaivala Wakale: Achimwene, pa 840 mwalondola, koma kugawako mwaphonya. Mukanagawa choncho galimoto ikanakhala kuti ikunena makilomita amene imayenda pa lita imodzi. Iyi ikunena malita amene imamwa ikayenda makilomita 100. Ndiye funso ndi lakuti, mu 840 muli ma 100 angati? Alimo 8.4, ndipo aliyense akudya malita 7.5. Chulukitsani 8.4 ndi 7.5, mupeza malita 63. Amene munazolowera kuwerenga makilomita pa lita, gawani 100 ndi 7.5: ndi makilomita 13.3 pa lita, ndipo 840 kugawa ndi 13.3 ikubwezerani pa 63 pomwepo.

Mnyamata wa Changu: Eee, ndiye 112 ija anthu akanalira nayo.

Wofunsa: Zikomo bambo. Ndiye ndinene 63 basi?

Dalaivala Wakale: Musafulumire. 7.5 ameneyo ndi wa mmene mwakhala mukuyendera masiku apitawa, mwina muli nokha m'galimoto. Komanso dashibodi kawirikawiri imakonda kuonetsa nambala yotsikirapo kusiyana ndi zoona. Ngati nthawi ilipo, yezani nokha. Thirani fulu thanki mpaka pampu idule yokha, ikani TRIP pa 0, yendani makilomita ngati 300, kenako mudzadzazenso mpaka idule. Malita amene alowe podzadza kachiwiriko ndiwo galimoto yamwa. Tinene kuti alowa 24.6 pa makilomita 300: gawani 24.6 ndi 300, chulukitsani ndi 100, mupeza 8.2. Pamenepo ulendo wanu si 63, ndi 8.4 kuchulukitsa ndi 8.2, pafupifupi malita 69. Onjezani gawo limodzi mwa 10 la kusochera, zitunda ndi katundu, mufika pa 76. Ndalama zake ndi malitawo kuchulukitsa ndi mtengo wa lita pa pampu tsiku limenelo. Kuti masamu aphweke tiyerekeze lita pa 1,000: ndi 76,000, aliyense mwa asanu 15,200. Inu ikanipo mtengo weniweni.

Mayi wa Maulendo: Ine ndikuona ngati mukuwaopseza. Ngati 7.5 yo ndi ya m'tauni, koima ndi kunyamuka pafupipafupi, pa msewu wautali itsika. Yanga imalemba 9 mkati mwa sabata, koma ndikatuluka ndi kuyenda pa 90 imafika pa 6.5, ndipo pa pampu zimagwirizana ndithu.

Dalaivala Wakale: Zoona mayi, pa 90. Koma munthu akaponda mpaka 120, phindu limenelo lalikulu limatha, chifukwa mphepo yolimbana ndi galimoto imakula msanga kuposa liwirolo: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepo imawirikiza kanayi. Zikwama zikakwera pa keriyala pamwamba ndiye zimanyanya. Kulemera kwa anthu asanu kumamveka kwambiri pa zitunda, pamsewu wosalala sikwenikweni.

Wa Pikapu: Yanga ya dizilo theka loyamba la thanki limandiyendetsa makilomita 400, lachiwiri osafika ndi 300. Kodi ndi jekiseni kapena pena pakudontha? Makaniko awiri andiuza zosiyana.

Mayi wa Maulendo: Mwina palibe chavuta bambo. Geji siyenda mofanana, imachedwa kuchoka pa F kenako imathamanga. Ndi chifukwa chake geji siyowerengera malita. Ikani funso lanu palokha, apa tisasokoneze.

Wofunsa: Ndamva. Koma 76 salowa mu thanki ya 50. Ndidzathire liti?

Dalaivala Wakale: Pa 8.2, thanki yodzaza ndi makilomita pafupifupi 610 mpaka kuumiratu, ndipo simukufuna kufika kumeneko. Kupita kokha kudya malita 34 kapena 35, mufika ndi ngati 15. Thirani mukafika, musanayambe kubwerera. Malita amene adzalowe pamenepo adzakuuzani mmene yamwera ili yodzaza anthu, ndiye mudzakonze masamu a pobwerera. Ndipo kuzungulira kwa komweko mwakuwerengera? Injini ikamalira galimoto itaima, mafuta akupita koma makilomita sakuwonjezeka.

Wofunsa: Kuzungulirako ndinaiwala, kungakhale makilomita 60.

Mayi wa Maulendo: Ndiye ndi 900, osati 840. Pa 8.2 ndi malita pafupifupi 74 musanawonjezere kalikonse. Ine ndikanasonkhetsa za 75, ndikukhulupirirabe kuti pa msewu imwa pang'ono.

Dalaivala Wakale: Ine za 80. Kubweza chenji n'kosavuta kusiyana ndi kupemphanso. Matayala mupope akadali ozizira, pa mlingo wa galimoto yodzaza umene walembedwa pakhomo la dalaivala.