Kodi ndilipire nkhani khumi kuti sitolo yanga ya sola izioneka pa Google?

Wogulitsa sola: Akuluakulu, ine ndimagulitsa mapanelo a sola, mabatire ndi mainveta ku Lilongwe. Mnyamata wina wolemba nkhani za pa intaneti akufuna ndimulipire K300,000 kuti andilembere nkhani khumi zofotokoza mmene magetsi a dzuwa amagwirira ntchito, ndipo akulonjeza kuti munthu akalemba `buy solar panel Lilongwe` pa Google, webusayiti yanga izibwera patsamba loyamba. Kodi ndalama imeneyi ndiipereke?

Mphunzitsi wa makompyuta: Perekani, achimwene. Google imakonda nkhani zazitali zolembedwa bwino, bola mawu amenewo a `buy solar panel` abwerezedwe kangapo m'nkhanimo.

Wokonza mawebusayiti: Aphunzitsi, nkhani yabwino imapambanadi, koma imapambana pamene wofufuzayo akufuna kuphunzira. Kutalika kwa nkhani kapena kubwereza mawu sikusintha chimene munthu wabwerera. Wolemba `how does a solar panel work` akufuna kudziwa, pomwe wolemba `buy solar panel Lilongwe` ndalama ali nazo kale m'thumba ndipo akufuna mtengo, mawati a panelo ndi kumene sitolo ili. Kusiyanitsa kumeneku si kwatsopano ayi: mu 2002 katswiri wa makompyuta Andrei Broder anagawa zofufuza za pa intaneti m'magulu atatu, zofuna kudziwa chinthu, zofuna kufika pa webusayiti inayake, ndi zofuna kuchita kanthu monga kugula.

Bambo, musanalipire, tsegulani Chrome pa `Incognito` kuti zimene munafufuzapo kale zisasokoneze zotsatira, lembani mawu omwe mwalonjezedwawo, ndipo muwerenge zotsatira zoyambirira khumi, kudumpha zolembedwa `Sponsored` chifukwa zimenezo n'zolipirira. Ngati pamwamba pali mapu oonetsa masitolo, ndipo pansi pake pali masamba okhala ndi zithunzi za katundu ndi mitengo, ndiye kuti Google yaona kale kuti olemba mawu amenewa ndi ogula, ndipo nkhani yofotokoza za kuwala kwa dzuwa ikupikisana pa mpikisano umene si wake. Zili ngati munthu wafika pa kauntala kufunsa mtengo wa panelo ya mawati 300, inu n'kuyamba kumuphunzitsa sayansi: amatuluka n'kulowa sitolo yoyandikana nayo.

Mayi wa nazale: Koma ine nkhani inandithandiza, abambo. Mwana wanga analemba za kabzalidwe ka mbande za mapeyala ndipo anthu ambiri amaiwerenga mpaka lero.

Wokonza mawebusayiti: Amayi, zoti amawerenga sindikutsutsa, koma kodi amafika polemba mawu oti chiyani? Mwana wanu atsegule Google Search Console, chida choonetsa mmene anthu amapezera webusayiti yanu pa Google, apite pa `Performance`, aone mndandanda wa `Queries`. Ndikuganiza kuti apeza mawu oyamba ndi `how to`, osati `price` kapena `for sale`. Pomwepo ndi pamene inunso, bambo a sola, mungazindikirire kuti zinthu sizikuyenda: nkhaniyo imakokera owerenga pa mafunso ophunzira, koma pa mawu ogulira aja `Average position`, kutanthauza malo amene tsamba limaonekera pa zotsatira, imakhala kutali, mwina 30 kapena 40, kumene pafupifupi palibe amene amafikako.

Mphunzitsi wa makompyuta: Ndamva, komabe kuno kwathu masitolo okhala ndi mawebusayiti osamalidwa bwino si ambiri. Ngati opikisana nawo ali ochepa, nkhaniyo singakwere basi?

Wokonza mawebusayiti: Pamenepo mwanena zoona, ikhoza kukwera chifukwa Google imaonetsa chimene chilipo. Koma wogula akaitsegula n'kupeza kuti mulibe mtengo kapena nambala ya foni, amabwerera, ndipo tsiku limene mnzanu adzaike tsamba lenileni la katundu, malowo adzakulandani. Ndikanakhala ine, ndalamayo ndikanaiika pa tsamba la katundu aliyense payekha, lokhala ndi chithunzi chenicheni, mawati, mtengo m'makwacha, chitsimikizo cha zaka zingati, ndi batani la WhatsApp. Kuti muoneke pa mapu aja mulembetse Google Business Profile, imene ndi yaulere. Nkhani ziwiri zokha zingakwane, makamaka yothandiza munthu kuwerengera kukula kwa batire loti liyendetse firiji ndi wailesi yakanema magetsi akazima, ndipo nkhaniyo izilozera ku tsamba la mabatire.

Wogulitsa sola: Ndayesa tsopano lino, ndipo pamwamba pabweradi mapu ndi masitolo atatu, yanga palibe. Vuto langa ndi loika mitengo, popeza imasintha kwacha ikagwa, ndipo anzanga opikisana nawo aziiona. Nanga wolemba `best solar battery` tinene kuti ndi wogula kapena wophunzira?

Wokonza mawebusayiti: Ameneyo ali pakati, akuyerekeza asanagule, ndipo nthawi zambiri zimene zimabwera ndi nkhani zofananitsa mabatire a `lithium` ndi a `gel`. Mnyamata wanuyo mumufunse ngati angalembe yoteroyo.

Mayi wa nazale: Za mitengo zija ine sindiika, amene akufuna amaimba foni.