Bilu ya seva ndi malo osungira zithunzi: kodi ndingochulukitsa ndi 10?

Wofunsa, Chipata:
Akuluakulu ndi anzanga pa gulu lino, thandizeni. Tili ndi apu imene alimi amaikapo zithunzi za nshawa, soya ndi chimanga, ogula n'kumaona. Olembetsa alipo 2,000, koma amene amalowadi pamwezi ndi 600. Bilu ya mwezi watha inali madola 14: seva 12, malo osungira zithunzi pa Amazon S3 pafupifupi 2. Chaka chamawa tikufuna kufika Katete, Petauke ndi Lundazi, olembetsa 20,000, ndipo mabwana akufuna bajeti. Kodi ndilembe madola 140 basi?

Wa ku Petauke:
Anthu achuluka ka 10, ndalama nazo ka 10. Lembani 140, muwonjezepo pang'ono chifukwa bilu imabwera m'madola ndipo kwacha siikhala malo amodzi.

Mayi wa ku Katete:
Za dola a ku Petauke anena zoona, bajeti ilembedwe m'madola, kwacha ibwere pambuyo. Koma za ka 10 ayi. Bilu imeneyo ili ndi miyendo itatu ndipo uliwonse uli ndi kayendedwe kake: seva, malo osungira, ndi deta yotuluka anthu akamatsegula zithunzi. Achimwene, tiuzeni zinthu zitatu chabe. Chithunzi chimodzi n'chachikulu bwanji? Munthu mmodzi amaika zingati pamwezi? Amatsegula zingati?

Wofunsa, Chipata:
Ndaona. Chithunzi ndi 3 MB, momwe chachokera pa foni. Aliyense amaika zisanu, amatsegula pafupifupi 50. Apu yakhala miyezi 8. Koma deta yotulukayo pa bilu palembedwa ziro, amayi.

Mayi wa ku Katete:
Ziro imeneyo ndiye msampha. Werengani: anthu 600, zithunzi 50, chilichonse 3 MB, ndi 90 GB pamwezi. Ku Amazon 100 GB yoyamba yotuluka pamwezi ndi yaulere, kenako amalipiritsa pafupifupi masenti 9 pa GB, ndipo m'madera ena monga Cape Town mtengo ndi wokwererapo. Inu mwatsala ndi 10 GB kuti mudutse mzere. Ziro mukamuchulukitsa ndi 10 amakhalabe ziro, n'chifukwa chake masamu anu sakuonetsa chilichonse.

Tsopano ikani anthu 6,000 olowa pamwezi, popeza mwa olembetsa 10 amalowa atatu. Deta yotuluka ikhala 900 GB. Chotsani 100 yaulere, yatsala 800, ndiye madola 72 pa mzere umene lero kulibe. Ndipo 50 ija siidzakhala 50. Msika ukadzaza, wogula amayendayenda kwambiri, amatsegula za ku Lundazi, amayerekeza ndi za ku Petauke. Akafika pa zithunzi 200 pamwezi, deta ndi 3,600 GB, bilu madola 315. Mwendo uwu umakula kawiri: anthu akuchuluka, komanso zimene munthu aliyense amaona zikuchuluka.

Malo osungira ali ngati nkhokwe imene mumangothiramo osatapamo. Simulipira za mwezi uno zokha, mumalipira zonse zimene zaunjikana chiyambire. Lero mumathira 9 GB pamwezi, miyezi 8 yapanga 72 GB, pa masenti 2.3 pa GB ndi madola awiri osakwana aja. Anthu akakhala 6,000 mudzathira 90 GB mwezi uliwonse. Pakatha miyezi 12 mwawonjeza 1,080 GB, pafupifupi madola 25 pamwezi, ndipo idzakwerabe ngakhale pasalembetsenso munthu ndi mmodzi yemwe. Mu sipuredishiti muike mzere wa mwezi uliwonse motere:

```
zosungidwa = zosungidwa_mwezi_watha + olowa * zoika * kukula
zotuluka   = olowa * zotsegula * kukula
```

Wa ku Chadiza:
Ine ndimaona ngati vuto ndi bandulo. Mlimi sangagule bandulo tsiku lililonse chifukwa cha apu. Kambiranani ndi a netiweki kuti apu yanu ikhale yaulere.

Mayi wa ku Katete:
Funso ndi la bilu ya eni apu, abambo, osati ya mlimi. Komabe mwakhudza pabwino. Zithunzi 200 za 3 MB ndi 600 MB pa bandulo ya wogula mmodzi. Mankhwala ake ndi amodzi: chepetsani chithunzi pa foni pomwepo chisananyamuke, mbali yaitali ikhale mapikiselo 1,280, chifike cha m'ma 200 KB. Thumba la nshawa limaonekabe bwino. Pa mndandanda muzionetsa tizithunzi ta 20 KB, chachikulu chizitseguka munthu akadina. Ndi 200 KB, zotuluka zija zimatsika kuchoka pa 3,600 GB kufika pa 240 GB, bilu madola 13 m'malo mwa 315. Zothira m'nkhokwe zimakhala 6 GB pamwezi m'malo mwa 90.

Mkulu wa ku Lundazi:
Ndiwonjezeko za seva, chifukwa apa a ku Petauke aphonya mbali inayo, achulukitsa mopitirira. Seva imakwera ngati masitepe. Mumalipira 12 yomweyo kaya alowa anthu 50 kaya 600, mpaka tsiku limene yadzaza, pamenepo mumalumphira pa yaikulu, kawirikawiri mtengo umawirikiza kawiri. Chimene chimaidzaza si chiwerengero cha olembetsa koma ola lotanganidwa kwambiri. Tiyerekeze kuti mwa 6,000 aja, 600 alowa ola limodzi madzulo, foni ya aliyense itumiza mapempho 30 ku seva. Ndi 18,000 pa ola, kutanthauza asanu pa sekondi. Seva yaing'ono imanyamula zimenezo osatuluka thukuta, bola zithunzi zisamadutse mwa iyo.

Chimayamba kutha ndi memore, makamaka detabesi ikakhala pa makina omwewo. Chizindikiro chake: apu imachedwa madzulo, nthawi zina detabesi imangozima yokha chifukwa makina aipha kuti apeze mpata. Chachiwiri ndi disiki kudzaza ndi malogi osafufutidwa, mafayilo amene seva imalembamo zonse zochitika. Onani ziwirizi sabata iliyonse, pa ola lotanganidwalo, polemba malamulo awa pa seva, loyamba la memore, lachiwiri la disiki:

```
free -h
df -h
```

Memore ikamadutsa magawo 80 pa 100 masiku otsatizana, sitepe yayandikira. Ine m'bajeti ndingaike masitepe awiri, 12 kupita 24, kenako 48. Ndipo musatenge mwezi wa dzinja ngati muyeso. Apu ya zokolola imagona mu Januwale, imadzuka msika ukatsegulidwa cha m'ma Meyi mpaka Ogasiti. Bilu ya mwezi watha inali ya nyengo iti?

Wofunsa, Chipata:
Ya Febuluwale, akulu. Ndiye kuti ngakhale 600 uja ndi wochepa. Ndiyang'ana za Julayi chaka chatha. Pakadali pano ndikachepetsa zithunzi ndikupeza seva 48, zotuluka 13, zosungira pafupifupi 4. Madola 65. Ndikapanda kuchepetsa ikuyandikira 400.

Mkulu wa ku Lundazi:
Mwaiwala bakapu ya detabesi. Mukamasunga ya tsiku lililonse kwa masiku 30, ndi makope 30 olipiridwa. Ndipo ngati polembetsa mumatumiza nambala yachinsinsi pa meseji, anthu 18,000 atsopano ndi mameseji osachepera 18,000, kuphatikiza obwereza kumene netiweki imavuta. Umenewo ndi mzere wakewake.

Wa ku Petauke:
Nanga bwanji osangosamukira ku Cloudflare R2, malo ena osungira mafayilo ngati S3? Kumeneko deta yotuluka salipiritsa, kusunga ndi masenti 1.5 pa GB. Nkhani ya 315 yatha.

Mayi wa ku Katete:
Zoona, koma amalipiritsa maulendo olemba ndi otsegula mafayilo mukadutsa gawo laulere, ndipo bandulo ya wogula ikhalabe ikutha. Ine ndingayambe ndi kuchepetsa, kusamuka pambuyo.

Wofunsa, Chipata:
Pali chimodzi chikundivuta. Ogula soya ena amakulitsa chithunzi kuti aone ngati muli zinyalala kapena njere zoswekasweka. Pa 200 KB zidzaonekabe? Kapena ndisunge choyambirira cha 3 MB kwa masiku 60, kenako chizifufutika chokha?

Mkulu wa ku Lundazi:
Lamulo lofufuta pakatha masiku limaikidwa mosavuta pa S3. Koma yambani mwajambula soya wodzaza dzanja pa 200 KB ndi pa 500 KB, mukawaonetse ogula awiri atatu pa msika wa Kapata, mumve chimene anene.