Bowo la bauti likutsekeka, maleya ena akusowa

Wa ku Ndirande: Akuluakulu, ndithandizeni. Kasitomala wandipatsa fayilo ya STL ya kabulaketi kogwirira paipi ya mamilimita 32, kali ndi bowo la bauti pambali. Mu Blender kakuoneka bwinobwino, koma ndikakaika mu PrusaSlicer, silaisa yodula maleya oti printa ya 3D isindikize, pakubwera kachenjezo, bowo la bauti latsekeka, ndipo pomwe mphete yogwira paipi ikumana ndi mbale ya bulaketi maleya angapo kulibiretu. Ndayendetsa Check All mu 3D Print Toolbox, ikuti mizere 212 ndi Non Manifold. Kasitomalayo akubwera mawa masana kudzatenga.

Wa ku Mzuzu: Filamenti yanu yachita chinyezi imeneyo achimwene. Ine mwezi watha zonse zimatuluka zobookabooka ngati sefa, nditaumitsa filamenti zinatheratu. Muonenso nozo.

Wa ku Ndirande: Sindinayambe n'kusindikiza komwe akulu. Mabowo ali pakompyuta.

Wa ku Area 25: Musadzivute, dinani Make Manifold mu bokosi lomwelo. Ine ndimangotero, mphindi imodzi yatha.

Wa ku Ndirande: Ndadina. Nambala yafika pa 0 ndithu, koma bowo la bauti lamatidwa mbali zonse ziwiri, mbale yangokhala yosalala.

Mayi wa ku Zomba: Bwererani ndi Ctrl+Z achimwene, mwaphunzirapo kanthu pamenepo. Chidacho sichidziwa kuti bowo ili ndi la bauti, ilo ndi chilema. Chimangoona mzere umene uli ndi nkhope imodzi n'kumata. Meshi yosindikizika imafuna kuti mzere uliwonse ugwire nkhope ziwiri, osachepera, osapitirira. Ikakhala imodzi, meshi yang'ambika. Zikakhala zitatu kapena zinayi, silaisa sidziwa kuti mkati ndi kuti, kunja ndi kuti, ndiye imangolumpha.

Ngati bowo lanu latsekeka, ndiye kuti lilibe khoma lamkati. Amene anajambula anangoboola pamwamba ndi pansi, pakati n'kusiya mphako.

Yambani ndi nsonga zobwerezeka. Mu Edit Mode sankhani zonse ndi A, dinani M, kenako By Distance. Chenjerani ndi muyeso. STL sisunga kuti nambala zake ndi mamilimita kapena mamita, ndiye mphete yanu ya 32 Blender nthawi zambiri imaiwerenga ngati mamita 32. Kutereku 0.0001 imene imakhalapo kale ndi yochepa kwambiri, mwina siigwira kanthu. Ikani 0.01. Mukafika pa 0.5 mudzafafaniza timakona ting'onoting'ono, ndinazionapo ndekha pa kagiya kena, mano onse anafota. Mukatero pitani Select > Select All by Trait > Non Manifold mutiuze zatsala.

Wa ku Ndirande: Zatsika mayi! Yachotsa nsonga 74, mizere yatsala 65. Yowala ndi mikombero iwiri ya bowo la bauti, wina pamwamba wina pansi, ndi kamzere kamodzi kowongoka pomwe mphete yakhudza mbale.

Mayi wa ku Zomba: Ndiye mkombero uliwonse uli ndi mizere 32, kuphatikiza kamodziko 65. Mikomberoyo musaidzaze ndi F kapena Fill Holes, mudzabwerera pomwe munali paja. Sankhani yonse iwiri, Ctrl+E, Bridge Edge Loops. Ikumangirani khoma lamkati, bowo likhala bowo lenileni.

Kamzere kamodziko ndiye kakudyerani maleya. Mphete ndi mbale zangogundana pa mzere wopanda makulidwe, nkhope zinayi pa mzere umodzi. Pulasitiki singagwire pa chinthu chopanda makulidwe. Patulani mphete ikhale chinthu pachokha, muilowetse mu mbale pafupifupi milimita imodzi, kenako Boolean, Union, pa Exact. Potsiriza Shift+N kuti nkhope zonse ziyang'ane kunja, muyatse Face Orientation muone ngati pali pofiira.

Wa ku Area 25: Apo pa Boolean ndikutsutsako pang'ono mayi. Ine ndimangozilowetsana n'kusiya choncho, silaisa imaphatikiza yokha podula maleya. Boolean ndi imene imandibalira timakona tating'ono tosaoneka ndi maso.

Mayi wa ku Zomba: Zimatheka, ngati zidutswa zonse ziwiri ndi zotsekeka bwino pazokha. Koma fayilo ikapita kwa wina amene ali ndi silaisa ina, ine mtima sukhala m'malo. Tisiyana pamenepo.

Wa ku Mzuzu: Pepani, ndinawerenga mothamanga. Nanga yanga ya chigoba cha wailesi chimene ndinachita kusikana, mabowo ake ndi mazanamazana, ndizimanga limodzilimodzi?

Wa ku Area 25: Imeneyo ndi ya Make Solid mu Meshmixer akulu, kungoti makona akuthwa amabulungika ndipo miyeso imasuntha pang'ono. Pa bulaketi ya bauti sindingayerekeze.

Wa ku Ndirande: Check All yapereka 0, bowo lilipo, ndatsitsa maleya onse m'silaisa palibe losowa. Koma polowetsa mphete paipi yayandikira mbale ndi milimita imodzi. Ndamuimbira kasitomala kuti ndimve ngati mpata umenewo uli ndi ntchito, sakuyankha. Ndidikire kapena ndiyatse printa?