Muvi unali pa 12 koloko, koma buleka italowa chipinda chonse chinagwedezeka

Wamagetsi wa ku Makwasa: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pa fakitale ya tiyi imene ndimagwirako tili ndi jenereta ya dizilo ya 500 kVA, 400 V. Magetsi a ESCOM akabwera sitizimitsa fakitale ayi. Timalumikiza jenereta ku laini kaye, kusamutsa katundu pang'onopang'ono, kenako n'kuichotsa, chifukwa dilaya ikaima tiyi ali m'kati ndiye kuti tiyiyo wawonongeka. Mwezi watha mbali yopanga magetsi inapita kokakonza makoyilo. Itabwera tinaiyesa payokha masiku awiri, fakitale yonse inayenda bwinobwino. Dzulo ndiye tinati tilumikize ku laini koyamba. Muvi wa sinkirosikopu, chida chosonyeza nthawi imene jenereta ndi laini zafanana, umayenda pang'onopang'ono, mababu osonyeza kufananako anazima, ndinalowetsa buleka muvi uli pafupi ndi 12. Kunamveka chiphokoso ngati munthu wamenya thanki ndi hamala yaikulu, injini inachita kudumpha pamiyendo yake, fumbi la kudenga n'kutigwera m'mutu, buleka n'kugwa yokha. Ndakhala ndikuchita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi osaonapo zotere. Mabwana akufuna tiyesenso mawa chifukwa masamba achuluka ndi mvulayi. Ndalakwitsa pati?

Mnyamata wa pa Luchenza: Achimwene, amenewo ndi mafezi. Pobwezeretsa makebulo wina wasinthanitsa awiri. Yesani ndi mita yoonera kazunguliridwe ka mafezi, mupeza L2 ili pa L3.

Wamagetsi wa ku Makwasa: Ndinayesa tisanayambe n'komwe, mbali zonse ziwiri zikuzungulira mofanana. Ndiponso zikanakhala choncho mafani ndi mamota onse akanayenda chobwerera masiku awiri aja.

Mayi wa Mapanelo, Bvumbwe: Musayesenso mawa, bambo, zivute zitani. Tandiuzani kaye izi: muvi umatenga masekondi angati kuti uzungulire kamodzi, ndipo umalowera mbali iti? Voteji ya laini inali bwanji nthawi imeneyo? Ndikufunsa chifukwa ambiri amaika jenereta pa 50 Hz ndi 400 V n'kumaganiza kuti zatha, pamene laini ya kumapeto ngati yanuyo madzulo imatha kutsika, ndipo fulikwensi ya giridi siikhala malo amodzi. Jenereta ndi imene imatsatira laini, osati nambala zolembedwa pa chitsulo chake.

Wamagetsi wa ku Makwasa: Laini inali pa 392 V, ine ndinatsitsa AVR, chowongolera voteji ya jenereta, mpaka 395 V. Muvi umalowera mbali yolembedwa FAST, kuzungulira kamodzi pa masekondi 10 kapena kuposerapo pang'ono.

Mayi wa Mapanelo, Bvumbwe: Ndiye dzanja lanu silinalakwe. Kuzungulira kamodzi pa masekondi 10 ndi kusiyana kwa 0.1 Hz, kutanthauza madigiri 36 pa sekondi. Buleka yotenga 0.1 sekondi kuti ilowe imadya madigiri osakwana 4. Ngakhale mukanachedwa ndi theka la sekondi, mukanaphonya ndi madigiri 20 kapena kuposerapo pang'ono. Mukanamva kugunda ndithu, koma osati kudumphitsa injini. Zikanakhala zina muvi ukanamathamanga kamodzi pa masekondi awiri, pamenepo sekondi imodzi ndi madigiri 180 ndipo palibe dzanja la munthu lingapeze pakati. Kulowera mbali ya FAST ndi koyenera, kuti jenereta ikangolowa inyamule katundu pang'ono m'malo mokokedwa ndi laini ngati mota. Ine ndikukayikira zida zoonera, osati inu.

Wachigayo wa ku Thekerani: Pepani kulowerera. Ine ndili ndi jenereta pa chigayo, magetsi akazima ndimangoponya chosinthira chija cha chogwirira. Ndiye kuti nanenso tsiku lina zindiphulikira?

Mnyamata wa pa Luchenza: Ayi bambo, chanucho chimadula laini kaye chisanalowetse jenereta, ziwirizo sizikumana. Chachikulu musalole munthu kudumphitsa waya pa chosinthiracho, ndipo muzidikira mota iime musanaponye.

Madala a ku Chitakale: Ndawerenga zonse. Ine ndinakulira pa makina a madzi a m'maesiteti a kuno kunsi kwa phiri, kumene timalumikiza ndi mababu ndi maso basi, ndiye nkhani iyi ikundikhudza.

Zofunika kufanana tonse timazidziwa: voteji, fulikwensi, dongosolo la mafezi, ndi malo amene fezi iliyonse yafika pa mphindi imene buleka ikulowa. Zitatu zoyambazo mwana wathuyu wazitsimikiza ndi mita. Chachinayi sanachione ndi maso ake, anauzidwa ndi sinkirosikopu. Tsono sinkirosikopu siiona makebulo akuluakulu aja. Imaona timawaya tiwiri kapena tinayi tochokera ku mafyuzi ang'onoang'ono, ndipo imafanizira fezi imodzi ya laini ndi fezi imodzi ya jenereta. Mukaipatsa L1 ya laini ndi L2 ya jenereta, idzaima pa 12 mosangalala pamene L2 ya jenereta yafanana ndi L1 ya laini. Nthawi imeneyo pa buleka penipeni fezi iliyonse yasiyana ndi inzake ndi madigiri 120.

Zimachitika chonchi: pobwezeretsa, makebulo atatu akuluakulu asunthidwa onse malo amodzi, woyamba kupita pachiwiri, wachiwiri pachitatu, wachitatu poyamba, koma timawaya toonera tabwerera pamalo pake pakale. Kapena makebulo ali bwino, timawaya ndi timene tasuntha. Kazunguliridwe sikasintha, n'chifukwa chake mamota anayenda bwino ndipo mita ya mafezi sinadandaule. Mnyamata wa pa Luchenza anali pafupi, anangophonya mtundu wa kusinthanako.

Funso langa: mababu aja ndi rile yoletsa kulowetsa pa nthawi yolakwika, ija amailemba 25, zimatenga magetsi kuti?

Wamagetsi wa ku Makwasa: Madala, ndapita kukatsegula panelo. Zonse zikuchokera pa mafyuzi amodzimodzi ndi sinkirosikopu, ndipo timawaya ta mbali ya jenereta tikuchokera ku bokosi la jenereta lenilenilo, osati pa buleka.

Madala a ku Chitakale: Ndiye mboni zanu zitatu zonse zinamva nkhani kwa munthu mmodzi. Chitani izi. Buleka ikhale yotsegula, muitsekere ndi loko kuti isalowe ngakhale wina akhudze batani. Lizani injini popanda katundu, muvi uziyenda pang'onopang'ono kwambiri. Yesani voteji pakati pa mano a buleka, kumtunda ndi kumunsi kwa fezi imodzimodzi, muvi ukamadutsa pa 12. Mita ikhale yopirira 600 V kapena kuposa, chifukwa pamenepo voteji imakwera mpaka 460 V, ndipo muvale magolovesi, wina aime pambali panu. Ngati zonse zili bwino mupeza pafupifupi 0 pa mafezi onse atatu. Mukapeza 0 pa imodzi ndi 400 pa ziwiri, ndi nkhani ya Luchenza ija. Mukapeza 400 pa zonse zitatu, ndi yanga.

Koma musanalize, zungulitsani injini ndi dzanja, mumvetsere, muyesenso makoyilo ndi mega, mita yoona ngati zokutira mawaya zidakali bwino.

Mayi wa Mapanelo, Bvumbwe: Ndiwonjezere kukula kwa nkhonya imene makinawo analandira, kuti mukawafotokozere mabwana ndi manambala. Voteji ya pakati pa mano a buleka ndi

```
dV = 2 x V x sin(angle / 2)
```

V ndi 230. Pa madigiri 10 mupeza 40 V, n'chifukwa chake rile timakonda kuitchera chapamenepo. Pa 60 ndi 230 V, zofanana ndi kugundanitsa mawaya pakamwa pa jenereta. Pa 120 ndi 400 V. Jenereta yanu pa katundu wodzaza imatulutsa ma-ampu 722. Chimene chimaletsa karenti pa kanthawi koyambako ndi Xd'', nambala yosonyeza mmene jenereta imakanira karenti yadzidzidzi, kuphatikiza ya thiransifoma. Onani pa pepala la makina anu, koma tiyerekeze kuti zonse pamodzi ndi 0.2. 400 V ija ndi pafupifupi 230 kuchulukitsa ndi 1.73, ndiye 1.73 kugawa ndi 0.2 ndi pafupifupi 8.7, kuchulukitsa ndi 722, ma-ampu opitirira 6,000. Buleka inagwa inde, koma nkhonya imafika buleka isanaganize n'komwe. Laini imakoka chozungulira cha jenereta kuti chilowe mu sitepe yake nthawi yomweyo, pamene injini ndi fulayiwilo zikufuna kupitiriza ulendo wawo. Karenti imakula kwambiri pa 180, koma kupotokola kwa shafuti kumafika poipitsitsa chapafupi ndi 120 pomwepo.

Wamagetsi wa ku Makwasa: Ndabwera ndi zotsatira. Mega ili bwino. Titaliza, voteji ya jenereta imakwera movutikira ndipo AVR imatentha, tinayesa mwachangu n'kuzimitsa. Muvi uli pa 12: 396, 398, 395. Madala, ndi yanu. Makebulo akuluakulu ndi amene anasuntha, tepi ya mitundu inachoka pamene amatsuka bokosi ndipo anaika ina mongoganizira. Inenso ndinalipo tsiku limenelo, sindinalondole kebulo iliyonse. Tatsegula kumbuyo tapeza madayodi awiri ozungulira apsa, kotetezera kake kaja kasweka, ndipo mabauti awiri a kapulini amasuka, mabowo ake atalika ngati dzira.

Madala a ku Chitakale: Madayodi musinthe onse asanu ndi limodzi, osati awiri okhawo, ndi mbale za kapulini pamodzi ndi mabauti ake onse. Muunike ndi tochi kumapeto kwa makoyilo, muone ngati zingwe zomangira zaduka kapena vanishi wang'ambika, chifukwa mega siiona koyilo imene yangosuntha. Mano a buleka muwaonenso. Timawaya toonera tichoke ku bokosi la jenereta, tikatengere pa buleka penipeni. Mukatha, masulani makebulo ku jenereta, muwakulunge bwino, injini ili yokhoma, mulowetse buleka kuti mbali zonse zidye laini imodzi. Muvi uyenera kuima pa 12 osagwedezeka, rile n'kuvomera. Mukabwezeretsa makebulo, mubwerezenso kuyesa kwa pa mano kuja mpaka muone 0 katatu.

Mnyamata wa pa Luchenza: Nanga kilankishafuti? Ine ndikanati akasintha kapulini aiyendetse, ikakhala kuti siikunjenjemera ndiye kuti yapulumuka.

Mayi wa Mapanelo, Bvumbwe: Pamenepo sindikuvomereza. Mng'alu waung'ono sunjenjemeretsa injini lero, umakula mwakachetechete n'kudzathyoka pakati pa sizoni. Mabowo a kapulini akafika potalika, ine ndingaitane amakaniko ayese kupindika kwa shafuti ndi kuunika ming'alu kumbali ya fulayiwilo.

Madala a ku Chitakale: Ndaonapo zopulumuka, ndaonaponso imodzi imene inathyoka patapita miyezi. Mbale za kapulini nthawi zambiri zimalandira nkhonya m'malo mwa shafuti, koma sindingalumbire pa makina amene sindinawagwire.

Wamagetsi wa ku Makwasa: Mabwana avomera madayodi ndi kapulini, zibwera kuchokera ku Blantyre Lachinayi. Za shafuti akuti tidikire mpaka masamba achepe mu Meyi, ine ndalemba kalata yoti sindikugwirizana nazo ndipo ndasunga kope. Pakadali pano ndachotsa fyuzi ya koyilo yolowetsera buleka, ili m'thumba mwangamu.