Puloti ya ku Luchenza

Malume: Mbumba yanga, mwini puloti uja wayankha. Kashi 3,000,000. Pang'onopang'ono 3,600,000: dipoziti 1,200,000, kenako 200,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 12.

Azakhali: 600,000 yapamwambayo ndi ya chiyani? Katapira ameneyo. Tisunge kaye.

Mlamu: Azakhali, tiwerengere limodzi. M'thumba muli 1,200,000 kale. Makomo asanu, khomo lililonse 40,000, ndi 200,000 pamwezi. Tikasunga, 3,000,000 ikwana pa miyezi 9.

Azakhali: Mwaonatu! Miyezi 9 basi.

Mlamu: Zitheka ngati mtengo utidikire. Puloti yoyandikana nayo ija, ya pafupi ndi mjigo, chaka chatha ankaitchula 2,300,000. Pano 3,000,000. Yathuyi ikakwera chomwecho, chaka chikamatha ifika 3,700,000, ife tili ndi 3,600,000 m'manja. Tizingoithamangitsa.

Achimwene a ku Joni: Alamu akunena zoona. Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Simenti ndi malata zinakwera sabata yomweyo, ndalama yosunga ili chikhalire.

Azakhali: Ine ngongole ayi. Tisunge kaye.

Chemwali: Pepani, ndani akupita ku Limbuli Loweruka? Mayi akufuna mafuta ophikira.

Mdzukulu: Ine agogo ndiwagulira.

Chemwali: Zikomo. Koma zosungazo, asunge ndani? Za malata zija tinasunganso.

Malume: Zakale zisiyeni.

Chemwali: Sindinatchule munthu ine, malume.

Mlamu: Pomwe Azakhali akulondola ndi apa. Ngati mtengo ukwera ndi ndalama yosafika 600,000 pa chaka, kusunga n'kotchipa. Koma kuno malo ndi ochepa, kwina konse ndi tiyi, ndipo munthu wa kashi akhoza kuitenga mawa lomwe.

Achimwene a ku Joni: Mantha anga ali pa kulephera mwezi. Tikadumpha, dipoziti ibwerera?

Malume: Sitinakambe zimenezo.

Mlamu: Ndiye musapereke kanthu kaye, malume. Pepala linene kuti 3,600,000 sisintha ngakhale kwacha igwe, kuti tikachedwa atipatsa masiku angati, komanso kuti tikalephereratu abweza zingati. Asaine pamaso pa anyakwawa, abale a kuchikazi kwa mwiniyo alipo, chifukwa malowo ndi a mbumba. Malire tiyendere limodzi, tikhome zikhomo.

Azakhali: Nanga 40,000 ya mwezi watha onse anapereka? Ine ndinagulitsa nthochi n'kupereka pa 3.

Chemwali: Makomo atatu okha. Ena akungowerenga, nkhupakupa zabuluu zikuoneka.

Mdzukulu: Atsibweni aang'ono foni inagwera m'madzi.

Chemwali: Ndi Mpamba yomwe inanyowa?

Malume: Khomo lomwe silingakwanitse miyezi 12 linene lero, tigawane anayi, 50,000 aliyense. Lachinayi ndikaonana ndi mwini puloti za pepalalo. Alamu, mundiperekeze.

Mlamu: Ndikudikirani pa siteji 8 koloko.

Azakhali: 50,000 ine sindingathe. Ndanena kale, tisunge kaye.