Za chigamulo cha thandizo la maliro: mmene tamangira malamulo athu

"Tingadziwe bwanji malamulo amene anakanira m'bale wathu thandizo la maliro chaka chatha, popeza tawasintha kawiri?"

Achimwene, gulu lathu la kuno ku Johannesburg lakonza zimenezi. Tasiya kufufuta mawu m'malamulo akale. Kusintha kulikonse kumabala kope latsopano lokhala ndi nambala yake ndi tsiku loyambira kugwira ntchito, ndipo mlembi amalemba nambalayo pa chigamulo chilichonse.

Tsiku lokha linatisokoneza, chifukwa pempholo linafika kope 2 likugwira ntchito, lofuna miyezi 6 ya zopereka, koma komiti inagamula ndi kope 3, lofuna miyezi 12. M'baleyo anali atapereka miyezi 8, choncho nkhani yake taitsegulanso.