Modelo yakhoza mayeso, koma ikulephera mainvoisi a ogulitsa atsopano

Mwini nkhani: Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndaphunzitsa modelo ya LayoutLMv3 kutulutsa mizere ya katundu m'mainvoisi: dzina la katundu, kuchuluka kwake, mtengo wa chimodzi ndi ndalama ya mzere wonse. Ndili ndi mainvoisi 1,200 ochokera kwa ogulitsa 40. Pa mayeso F1, muyezo wa kukhoza kwa modelo, inafika 0.94, koma sabata ino kwabwera ogulitsa atatu atsopano ndipo anzathu owerengera ndalama akukonza pamanja pafupifupi invoisi iliyonse. Mutu waima.

Mnzake: Achimwene, yambani mwaona OCR, pulogalamu yowerenga zilembo pa mapepala ojambulidwa. Kwathu mapepala ojambulidwa mopendekera ankasandutsa 8 kukhala 3.

Mwini nkhani: Ndaona, manambala akuwerengeka bwino. Chikusokonekera ndi mizere.

Mkulu pa ntchitoyi: Mainvoisi a mayeso munawasankha bwanji?

Mwini nkhani: Ndinangowasakaniza onse n'kupatula 240.

Mkulu pa ntchitoyi: Pagona vuto ndi pamenepo. Wogulitsa aliyense ali ndi kayalidwe kake ka tsamba, ndiye modelo yanu inakumana pa mayeso ndi masamba omwe inawaloweza kale. Patulani ogulitsa athunthu, osati mainvoisi:

```python
GroupShuffleSplit(test_size=0.2).split(X, groups=wogulitsa)
```

Ogulitsa 8 atsalira mayeso okha. Nambala itsika, musadandaule, chifukwa yotsikayo ndiye yoona.

Chinanso, 0.94 ija ndikuganiza kuti mwawerenga liwu lililonse palokha, pomwe wowerengera ndalama amafuna mzere wathunthu. Tengani invoisi ya mizere 10, iwiri mwa iyo dzina la katundu latalika n'kutsikira pansi. Mawu onse modelo ikhoza kuwazindikira bwinobwino, koma n'kudula mizere iwiri ija pakati, n'kutulutsa 12. Yolondola ndi 8. Pa yomwe yatulutsa yakhoza 8/12, pa yomwe imafunika yapeza 8/10, ndipo F1 ndi 16/22, pafupifupi 0.73.

Wowerengera ndalama: Ine zophunzitsa modelo sindizidziwa, koma bwanji osangochulukitsa kuchuluka ndi mtengo, kenako n'kuphatikiza mizere yonse? Zikagwirizana ndi ndalama yapansi, basi yakhoza.

Mkulu pa ntchitoyi: Chemwali, njirayo ndi yabwino posankha invoisi yoti munthu aionenso, ikanipo ndithu. Koma pa chitsanzo changa chija ndalama zigwirizana, chifukwa zidutswa ziwirizo zilibe manambala. Komanso mzere wotsitsidwa mtengo uoneka wolakwika pomwe uli bwino.

Mwini nkhani: Ndagawanso monga mwanenera, akulu, ndipo powerenga mizere yathunthu ndapeza 0.71. Zolakwika zambiri ndi mayina otsikira pansi aja. Nanga dzina likaphonya chilembo chimodzi chokha, mzerewo ndiuyese wolakwa?

Mnzake: Ine ndimaukhululukira, bola manambala akhale ndendende.

Wowerengera ndalama: Ayi, ngati m'dzinamo muli nambala ya katundu musatero. Chilembo chimodzi chimenecho chimatilowetsera katundu wina m'buku.